Zithunzi zanga zonse zikunena kuti ndi za 2015, ndikonza bwanji?

Wojambula wa ku Chamama:
Moni nonse pa gulu. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo sabata ino. Kamera yanga inakhala m'chikwama miyezi yambiri yopanda batire chifukwa ndinali kumunda. Kumayambiriro kwa Ogasiti ndinagula batire lina n'kuyambiranso ntchito. Nditayatsa inandifunsa tsiku ndi nthawi, koma ndinali pa changu, anthu akundidikira, ndiye ndinangodina OK. Kuyambira pamenepo ndajambula ukwati, chinkhoswe, ubatizo wa ana, Tsiku la Anakubala kutchalitchi kwathu ndi ntchito zina zing'onozing'ono. Zonse pamodzi ndi zithunzi 2,004. Sabata yatha eni ukwati anabwera kudzatenga zawo pa fulashi, ndipo atatsegula kunyumba anapeza kuti chithunzi chilichonse chikunena Januwale 2015. Mkwatibwi wadandaula kwambiri, akuti pa foni yake zithunzi za ukwati zikukakhala pansi penipeni, kuseri kwa zithunzi za ali kusukulu. Kodi pali njira yokonzera zonse nthawi imodzi? Chimodzichimodzi sindingathe.

Aphunzitsi a ku Santhe:
Pepani achimwene. Zimenezi n'zosavuta ngati muli ndi laputopu ya Windows. Sankhani zithunzi zonse, dinani kumanja, pitani pa Properties kenako Details. Pamenepo pali mzere wa Date taken. Lembani tsiku lenileni n'kudina OK, zonse zisintha. Ine ndimatero ndi zithunzi za ana a sukulu.

Wojambula wa ku Chamama:
Zikomo aphunzitsi. Koma nanga poti zithunzizi ndi za masiku osiyanasiyana, kuyambira Ogasiti mpaka Novembala? Sizikhala zonse za tsiku limodzi?

Aphunzitsi a ku Santhe:
Zikhaladi za tsiku limodzi. Ndiye muzisankha m'magulu, za ukwati pazokha, za ubatizo pazokha. Inu mukudziwa tsiku la mwambo uliwonse.

Achemwali a ku Mtunthama:
Njira ya aphunzitsi imagwira mukakhala ndi zithunzi zochepa za tsiku limodzi, koma pano isiyeni kaye. Imakonza tsiku lokha, pomwe vuto lanu lili pa tsiku ndi pa ola pomwe. Kamera imene yayambira pa 1 Januwale nthawi ya 00:00 imakhala ikuganiza kuti ndi pakati pa usiku pomwe kunja kwacha. Mukhoza kupeza kuti mwambo umodzi womwewo, m'mawa wake uli pa tsiku lina, madzulo ake pa tsiku lina.

Chomwe muyenera kugwira ndi ichi: wotchi ya kamera yanu sinali yakufa, inkayenda bwinobwino, kungoti inayambira polakwika. Choncho chithunzi chilichonse chatsalira m'mbuyo ndi mlingo wofanana. Mukapeza mlingo umenewo pa chithunzi chimodzi chokha, mwaupeza pa zonse. Ntchito yanu si kulemba masiku atsopano ayi, ndi kukankhira zonse kutsogolo ndi mlingo umodzi.

Funso langa loyamba: wotchi ya kamerayo mwaikonza kale? Ngati simunaikonze musaikhudze. Tengani foni, muonetse nthawi ndi tsiku, muijambule ndi kamerayo. Chithunzi chimenecho chikhala ndi nthawi ziwiri, yoona yooneka ndi maso ndi yolakwika yolembedwa m'kati mwa fayilo.

Wojambula wa ku Chamama:
Achemwali, ndinaikonza tsiku lomwe anadandaulalo, pa 10 Novembala. Sindinalembe paliponse zomwe inkaonetsa.

Achemwali a ku Mtunthama:
Palibe kanthu, tingozungulira. Pa ukwatipo anthu ankajambulanso ndi mafoni, ndipo foni imatenga nthawi ku netiweki, kawirikawiri siphonya. Funani kamphindi kamodzi komwe inu ndi munthu wa foni munajambula limodzi. Osati pelekanipelekani, ameneyo amatenga maola. Funani chinthu chachidule, monga kuvekana mphete kapena kusayina m'buku.

Madala a ku Nkhamenya:
Ana inu, poti mukukamba za madeti, inenso ndili ndi zithunzi za maliro a mkulu wanga. Pakona pa chithunzi chilichonse panalembeka manambala ofiirira, koma chaka chake n'cholakwika. Ndinakatsukitsa pa Boma ndipo zili mu alubamu. Njira mukunenayi ichotsa manambala amenewo?

Achemwali a ku Mtunthama:
Pepani madala, zanuzo n'zina. Manambala amene mukuwaona pakonawo kamera inawadinda pa chithunzi penipeni, ali ngati inki pa nsalu. Zomwe tikukamba ife ndi zolembedwa zobisika m'kati mwa fayilo, zotchedwa EXIF, zomwe maso saziona pa chithunzi. Kusintha zobisikazo sikukhudza manambala odindidwawo. Ngati mafayilo ake akadalipo pa memore khadi, munthu wodziwa akhoza kudula m'mphepetemo kapena kuphimba manambalawo, chithunzi chimodzichimodzi, n'kukatsukitsanso.

Madala a ku Nkhamenya:
Khadiyo ili ndi mdzukulu wanga ku Lilongwe. Ndimufunsa. Zili makumi atatu zokha.

Wojambula wa ku Chamama:
Ndapeza. Mlongo wake wa mkwati anajambula pomwe ankasayina m'buku, dzanja la mkwati lili pa pepala chimodzimodzi ndi pa chithunzi changa DSC_0412.JPG. Wanditumizira pa WhatsApp koma ndikayang'ana pa Details palibe Date taken, mzerewo uli mbee. Dzina lake lokha ndi lomwe lili ndi tsiku, komanso ndi tsiku la lero.

Wa siteshonale pa Boma:
Bwana, WhatsApp imachotsa zimenezo munthu akatumiza ngati chithunzi wamba. Imachepetsa fayilo n'kutaya zolembedwa za m'kati, ndipo tsiku la pa dzinalo ndi lomwe mwalandira. Muuzeni atumize ngati Document, ikubwera yathunthu. Kapena angotsegula chithunzicho pa foni yake, aone pa Details, akuwerengereni.

Wojambula wa ku Chamama:
Wandiwerengera pa foni. Akuti 17 Ogasiti 2024, nthawi 10:37. Changa chija chikunena 15 Januwale 2015, nthawi 03:12:40.

Wa siteshonale pa Boma:
Basi zatheka. Achemwali akuoneka kuti achoka pa intaneti, ndiye ndikuthandizeni ine. Pulogalamu yake ndi ExifTool, ndi yaulere ndipo siidya bandulo yambiri. Mukaitsitsa ya Windows mupeza fayilo yolembedwa exiftool(-k).exe, muisinthe dzina ikhale exiftool.exe, ndipo foda ya exiftool_files yomwe ibwere nayo isasiyane nayo. Ilibe mabatani, mumalemba malamulo mu Command Prompt.

Masamu ake nawa. Kuchoka 2015 kufika 2024 ndi zaka 9. Januwale kufika Ogasiti ndi miyezi 7. Pa 15 kufika pa 17 ndi masiku 2. Kuchoka 03:12:40 kufika 10:37:00 ndi maola 7, mphindi 24, masekondi 20. Ndiye lembani chonchi, musinthe dzina la foda likhale lanu:

```
exiftool "-AllDates+=9:7:2 7:24:20" D:\Zithunzi
```

Wojambula wa ku Chamama:
Ndapanga. Yatenga kanthawi koma yamaliza, yalemba kuti 2004 image files updated. Za ukwati zonse zili bwino kwambiri, 17 Ogasiti, ndipo chithunzi cholowa m'tchalitchi chikunena 09:05, zomwe ndi zoona. Za ubatizo wa pa 25 Ogasiti zilinso bwino. Mtima wanga unakhala pansi, koma nditapitiriza kuyang'ana ndapeza zinthu ziwiri zachilendo. Zithunzi za Tsiku la Anakubala zikunena 17 Okutobala, pomwe tonse tikudziwa kuti ndi pa 15. Chachiwiri, zithunzi za nazale ya fodya zomwe ndinajambulira mlimi wina kumapeto kwa Okutobala zapita ku 3 Ogasiti, zasakanikirana ndi za tsiku lomwe ndinagula batire. Komanso foda yatupa, fayilo iliyonse ili ndi inzake yothera ndi _original, malo mu laputopu atsala pang'ono kutha.

Wa siteshonale pa Boma:
Za _original zo ndi zotsalira chabe, fufutani. Koma za 17 Okutobala zandidabwitsa, masamu aja ndawabwereza kawiri ndipo ali bwino. Mwina wotchi ya kamera yanu imathamanga?

Achemwali a ku Mtunthama:
Musafufute chilichonse! Ndabwera, magetsi anazima kuno kuyambira masana. Mafayilo a _original wo ndi zithunzi zanu monga zinalili musanazikhudze, ndipo ndi amene atibweze m'mbuyo.

Wotchi siikuthamanga ayi. Wotchi ya kamera imatha kuphonya ndi masekondi kapena mphindi zochepa pa miyezi, osati masiku awiri athunthu pomwe ola lili lolondola. Achimwene a pa Boma anatchula pulogalamu yoyenera ndipo masamu awo ndi oona pa chithunzi chimodzi chija. Vuto lili pa mawu oti mwezi. Mwezi si muyeso wokhazikika, wina uli ndi masiku 31, wina 30, wina 28.

Tiyeni tiyende nazo pang'onopang'ono. Pomwe kamera inkawerenga Januwale, kunja kunali Ogasiti. Miyezi iwiriyi yonse ili ndi masiku 31, ndiye zinkayenda limodzi, n'chifukwa chake ukwati ndi ubatizo zatuluka bwino. Kenako kamera inalowa Febuluwale wa 2015, wa masiku 28, pomwe kunja kunali Sepitembala wa masiku 30. Kamera inamaliza mwezi wake msanga n'kulowa Malichi pa 1 Okutobala m'malo mwa pa 3. Mukauza pulogalamu kuti iwonjezere miyezi 7, iyo imangotenga Malichi n'kumusandutsa Okutobala, osadziwa kuti pakati apo pasowa masiku awiri. Taonani pa fayilo ya _original ya chithunzi cha Anakubala, mupeza kuti kamera inalemba 15 Malichi 2015. Kuwonjezera 9:7:2 kukupereka 17 Okutobala. Chithunzi chilichonse chomwe kamera inalemba Malichi chapitirira ndi masiku awiri.

Mankhwala ake ndi kusawerenga zaka kapena miyezi n'komwe, koma masiku okhaokha, chifukwa tsiku ndi tsiku basi. Mu Excel lembani izi m'kabokosi kamodzi:

```
=DATE(2024,8,17)-DATE(2015,1,15)
```

Ikupatsani 3502. Ikaonetsa ngati deti, sinthani kabokosiko kakhale General. M'masiku amenewa muli kale 29 Febuluwale wa 2016, wa 2020 ndi wa 2024, simukuyeneranso kuwaganizira.

Aphunzitsi a ku Santhe:
Ndayesa pa pepala kuti nditsimikize. Zaka 9 kuchulukitsa ndi 365 ndi 3285, kuphatikiza masiku awiri a 2016 ndi 2020 ndi 3287, kufika pa 15 Januwale 2024. Kuchoka pamenepo kufika 17 Ogasiti ndapeza 215. Pamodzi 3502. Zoona achemwali. Ichi ndikawapatsa ana a Fomu 2 Lolemba.

Wa siteshonale pa Boma:
Ndamva tsopano. Ine ndinkangokonza za maola, monga kamera ya mlendo yomwe yabwera ndi nthawi ya dziko lina, ndiye za miyezi sindinakumane nazo. Pepani bwana pokusokeretsani. Koma kodi imalola nambala yaikulu chonchi pa malo a masiku?

Achemwali a ku Mtunthama:
Imalola, imawerenga yokha n'kudutsa miyezi ndi zaka moyenera. Koma tisanafike pamenepo tibwezeretse kaye zonse monga zinalili:

```
exiftool -restore_original D:\Zithunzi
```

Ikatha, mafayilo a _original asowa ndipo zithunzi zibwerera ku 2015. Tsimikizani zimenezi ndi maso musanalembe lamulo lina. Ndikunena chonchi chifukwa lamulo la += limawonjezera pa chomwe lachipeza. Mukaliyendetsa pa zithunzi zomwe zili kale mu 2024, ukwati ukakhala mu 2034.

Kenako, musanachite china chilichonse, koperani foda yonse pa fulashi kapena pa hadi diraivu ina, muiike pambali. Ngati memore khadi simunaifufute, imeneyonso isungeni osajambulirapo.

Mayi a kwaya ku Chulu:
Ndalowerera pakati, mundikhululukire. Ine ndine mlembi wa kwaya, ndipo ndili ndi zithunzi za maulendo athu za zaka zitatu zomwe anthu ankaponya pa gulu la WhatsApp. Nditasintha foni zonse zinasanduka za tsiku limodzi, tsiku lomwe ndinazisamutsa. Ndikalemba zomwe mwalembazi zikonzeka?

Achemwali a ku Mtunthama:
Ayi mayi, lamulo ili silikuthandizani. Ilo limakankha tsiku lomwe lilipo kale m'kati mwa fayilo, pomwe zanuzo mulibe tsiku m'kati, WhatsApp inachotsa. Foni yanu ikungoonetsa tsiku lomwe fayilo inakoperedwa. Chomwe chingakupulumutseni ndi mayina, ngati akadali a mtundu wa IMG-20230514-WA0007.jpg. Manambala apakatiwo ndi chaka, mwezi ndi tsiku lomwe chithunzi chinafika pa foni yanu, ndipo akhoza kukoperedwa kulowa m'kati mwa fayilo. Ola ndiye mulibe. Yambitsani nkhani yake payokha mutiuze mayina akuoneka bwanji, kuti tisasokoneze ya achimwenewa.

Mayi a kwaya ku Chulu:
Ena ali choncho, ena mwana wanga anawasintha mayina n'kulemba malo omwe tinapita. Chabwino, ndiyambitsa mawa.

Wojambula wa ku Chamama:
Ndabwezeretsa, zonse zabwerera ku 2015, ndipo ndakopera pa fulashi ya mnzanga. Tsopano za nazale zija?

Achemwali a ku Mtunthama:
Ndikukayikira kuti wotchi inayambiranso kachiwiri. M'kamera mumakhala kabatire kena kakang'ono kosunga nthawi pomwe batire lalikulu mwalichotsa. Mu makamera ambiri kamadzadza kuchokera ku lalikululo, ndipo kakakalamba kamangopirira kanthawi kochepa. Kuchotsa batire maola angapo kuti mutchaje sikuvuta, koma likakhala kunja masiku angapo wotchi imabwerera pa 1 Januwale. Kodi mu Okutobala munachotsapo batire nthawi yaitali?

Musadalire kukumbukira kokha, tiyeni tione. Lamulo ili silisintha kanthu, limangolemba mndandanda wa dzina la fayilo ndi tsiku lake:

```
exiftool -T -FileName -DateTimeOriginal D:\Zithunzi > mndandanda.txt
```

Tsegulani mndandandawo mu Excel, muusanje motsata mayina a mafayilo, osati masiku. Nambala ya fayilo siinama, imangokwera ndi chithunzi chilichonse. Tsikani nawo mukuyang'ana masiku. Akuyenera kumakwera: Januwale, Febuluwale, Malichi. Pomwe muone tsiku labwerera m'mbuyo pomwe nambala ikupitirira, pamenepo ndi pomwe wotchi inayambiranso.

Wojambula wa ku Chamama:
Mwalasa achemwali. DSC_1861 ikunena 20 Malichi 2015, ndipo DSC_1862 ikunena 1 Januwale 2015 nthawi 00:04. Kuchoka apo mpaka DSC_2004 zikuyenda kufika pa 9 Januwale. Ndakumbuka tsopano, batire ndinabwereka msuweni wanga yemwe ali ndi kamera yofanana ndi yanga, anapita nalo ku chinkhoswe ku Kaluluma ndipo anachedwa kubweza. Ndayang'ana mndandanda wonse, palibenso pena pomwe zabwerera.

Achemwali a ku Mtunthama:
Ndiye muli ndi magulu awiri, lililonse ndi mlingo wake. Pangani mafoda awiri. Mu gulu1 muike DSC_0001 mpaka DSC_1861, mu gulu2 muike 143 zotsalazo. Onetsetsaninso kuti mu gulu1 mulibe zithunzi za pa foni kapena za kamera ina zomwe munaziphatikiza, chifukwa lamulo silisankha, likankha ndi zabwino zomwe.

Yambani ndi zitatu zokha. Koperani DSC_0412, chimodzi cha Anakubala ndi DSC_0001 mu foda yoyesera, muyendetse lamuloli pamenepo. Zikatuluka bwino ndiye mupite pa gulu lonse:

```
exiftool "-AllDates+=0:0:3502 7:24:20" D:\gulu1
```

Mawu oti AllDates akuimira mizere itatu ya m'kati mwa fayilo, DateTimeOriginal, CreateDate ndi ModifyDate, ndipo yonse isuntha limodzi. Woyambawo ndi umene Windows imaonetsa ngati Date taken. Ngati mu gulu1 muli timafoda tina m'kati, wonjezerani -r kuti ilowemo.

Ndikuuzirenitu zomwe ndikuyembekeza kuti muone, kuti mudziwe ngati zagwira. DSC_0412 inene 17 Ogasiti 10:37. Cha Anakubala chinene 15 Okutobala. DSC_0001 inene 3 Ogasiti, chakuma 7 koloko m'mawa kapena patsogolo pake, chifukwa kamera inayamba kuwerenga nthawi ya 07:24 tsiku limenelo. Ndipo DSC_1861 idzanena 20 Okutobala.

Wojambula wa ku Chamama:
Zonse zatuluka monga mwanenera. DSC_0001 ikunena 3 Ogasiti 07:31, ndi chithunzi cha mwana wanga ataima pakhomo ndi kapu ya tiyi, chomwe ndinayesera batire. Linali Loweruka. Ndayendetsa pa gulu lonse, 1861 image files updated. Koma pali china: mu foda, mzere wa Date modified ukunena lero pa zonse. Ndalakwitsanso?

Wa siteshonale pa Boma:
Simunalakwitse bwana, ichi ndiye ndikuchidziwa. Date modified si ya m'kati mwa chithunzi, ndi ya kompyuta, imalemba tsiku lomwe fayilo yasinthidwa komaliza. Dinani kumanja pa mitu ya mizereyo muwonjezere Date taken, muona zoona. Koma mafoni ena ndi ma TV ena munthu akalowetsa fulashi amasanja motsata Date modified, ndiye ndi bwino kuifananitsa:

```
exiftool "-FileModifyDate<DateTimeOriginal" D:\gulu1
```

Achemwali anditsutse ngati ndaphonyanso.

Achemwali a ku Mtunthama:
Simunaphonye, n'zomwezo, ndipo lichitidwe komaliza zonse zitatha. Limenelo mukhoza kulibwereza kangati konse popanda vuto chifukwa limakopera, siliwonjezera. Mukakhutira ndi gulu1, mafayilo a _original achotseni ndi -delete_original, ikufunsani kaye kuti mutsimikize. Poti muli ndi kope pa fulashi, malo mu laputopu abwerera.

Kwa mkwatibwi, muuzeni afufute kaye zakale zija pa foni asanaike zatsopano. Akangoziika pamwamba, foni ina imakakamira tsiku lomwe inaliwerenga poyamba, kapena azikhala nazo ziwiriziwiri. Ndipo mumupatse pa fulashi kapena pa khebulo, osati pa WhatsApp ngati zithunzi wamba, ntchito yonseyi ingapite pachabe.

Aphunzitsi a ku Santhe:
Koma kunena zoona, zolemba malamulozi si aliyense angazithe. Mwana wa mchemwali wanga akuti mu Google Photos muli posinthira masiku a zithunzi zambiri nthawi imodzi, ndipo muli kusankha koti zisunthe zonse osataya kutalikirana kwake. Si yophweka imeneyo?

Achemwali a ku Mtunthama:
Ilipodi, pa kompyuta imalembedwa Shift dates & times, ndipo kwa munthu amene zithunzi zake amazionera momwemo ndi yabwino. Koma zimene yasintha zimakhala za m'menemo, fayilo yomwe ili mu laputopu imakhalabe ya 2015. Achimwenewa akufuna kupereka mafayilo kwa makasitomala. Ndiponso kukweza zithunzi 2,000 za kamera yaikulu pa netiweki ya ku Chamama, bandulo yake ndi ndalama zingati? Amene safuna kulemba malamulo ayese digiKam, ndi yaulere, ili ndi mabatani ndipo imasuntha nthawi pa kompyuta pomwepo. Amene ali ndi Lightroom muli Edit Capture Time, mumakonza chithunzi chimodzi ndipo zinazo zimasuntha ndi mlingo womwewo.

Aphunzitsi a ku Santhe:
Ine ndikuonabe kuti kwa ambiri a ife tsiku lokha ndi lokwanira, ola ndi la inu ojambula. Koma ndamva.

Wojambula wa ku Chamama:
Aphunzitsi, ola limandithandiza ndikaphatikiza zanga ndi za mnzanga yemwe timajambula naye ukwati umodzi. Zikasanjidwa ndi nthawi, nkhani ya tsikulo imayenda bwino, kuchoka kokonzekera mpaka kuholo. Tsopano gulu2 ndi lomwe landiimitsa. Ku nazale kuja tinali awiri, ine ndi mlimiyo, ndipo iye ali ndi foni ya mabatani. Masiku enawo ndinajambula ana a oyandikana nawo, mbuzi zomwe munthu wina ankagulitsa, ndi zithunzi za ziphaso. Palibe amene anajambula ndi foni.

Achemwali a ku Mtunthama:
Tiyambe ndi malire. Gulu2 linayamba pambuyo pa 20 Okutobala, ndipo tsiku lake lachisanu ndi chinayi silingapitirire 10 Novembala pomwe munakonza wotchi. Choncho tsiku la nazale lili pakati pa 21 Okutobala ndi 2 Novembala. Tsopano funani chilichonse chokhala ndi deti chomwe chikukhudzana ndi chimodzi mwa zithunzi 143 zimenezi. Tsegulani chilichonse muchikulitse: wotchi ya pa mkono, kalendala ya pa khoma, nyuzipepala, foni ili m'manja mwa munthu. Yang'ananinso mu foni yanu, amene munaimbirana nawo ndi mauthenga a ndalama.

Wojambula wa ku Chamama:
Wotchi kapena kalendala palibe. Koma mlimi uja anandilipira pa foni, ndipo uthenga wake ulipo, 29 Okutobala nthawi ya 18:52. Chomwe sindikukumbuka n'choti anatumiza madzulo a tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ndikukumbuka kuti anati ndalama akatenga kwa mwana wake.

Madala a ku Nkhamenya:
Mufunseni mlimiyo. Munthu wa fodya saiwala tsiku lomwe anafesa, ndipo ambiri amalemba m'kabuku. Akaona msinkhu wa mbande pa chithunzi akuuzani kuti zinali ndi masabata angati. Ndalima fodya zaka zambiri, ndikudziwa.

Wa siteshonale pa Boma:
Msinkhu wa mbande ungasiyanitse 28 ndi 29, madala? Tsiku limodzi lokha?

Madala a ku Nkhamenya:
Tsiku limodzi ayi. Koma mwina tsiku limenelo anathira feteleza kapena anadulira masamba, zimenezo amalemba.

Achemwali a ku Mtunthama:
Madala anena zoona, kabukuko kakhoza kuthetsa nkhani. Palinso njira ina: pa masiku asanu ndi anayi aja, kodi pali chithunzi chomwe mukudziwa kuti chinali Lamulungu, monga ana atavala zopita kutchalitchi, kapena tsiku la msika? 3 Novembala 2024 linali Lamulungu. Ngati nazale inali pa 29, Lamulungulo likugwa pa tsiku lachisanu ndi chimodzi kuchokera pa nazale, kuwerenga la nazalelo ngati loyamba. Ngati inali pa 28, likugwa pa lachisanu ndi chiwiri. Samalani powerenga, chifukwa tsiku la kamera silikusinthira pakati pa usiku weniweni.

Ola ndiye tingoyerekeza. DSC_1862 inajambulidwa mphindi zinayi mutaika batire. Munaliika nthawi yanji? Onani mithunzi pa chithunzicho. Ikakhala yaitali ndi m'mawa, ikakhala pansi pa mapazi ndi masana. Mukaphonya ndi theka la ola pa zithunzi za nazale ndi mbuzi palibe amene avulale, bola dongosolo lake likhale lomwelo. Koma mulembe kakalata mu fodamo konena kuti nthawi ya gulu2 ndi yongoyerekeza, kuti chaka chamawa musadzaitenge ngati umboni.

Wojambula wa ku Chamama:
Mithunzi ndi yaitali ndipo mabedi akuoneka onyowa, anali atangothirira kumene. Ndikuganiza kuti inali cha m'ma 6:30. Za Lamulungu ndayang'ana, ana aja avala zapakhomo, sizikundiuza kanthu. Mlimiyo ndamuimbira sakupezeka, akuti ali ku dimba kopanda netiweki, ndipita ndekha pa njinga Lachinayi ndikaone kabukuko. Gulu2 ndalisiya mu 2015 mpaka nditabwerako.

Ndinaiwala kunena, pa khadi palinso timavidiyo 26 ta ukwati, ta MP4, tili mu foda ina. Lamulo lomwe lija ligwira?

Achemwali a ku Mtunthama:
Mlingo ndi womwewo, 3502 ndi 7:24:20, koma musathamange nato. Vidiyo imasunga nthawi m'mizere yambiri kuposa chithunzi, ina monga TrackCreateDate ndi MediaCreateDate yomwe AllDates siikhudza. Komanso nthawi ya mu MP4 imayenera kulembedwa mu UTC, nthawi yomwe dziko lonse limawerengerapo, pomwe ife kuno tili patsogolo ndi maola awiri, ndipo makamera ena amatsata zimenezi, ena amangolemba nthawi ya pa wotchi yawo. Ndiye mukhoza kukonza bwino koma kompyuta n'kumaonetsa kusiyana kwa maola awiri. Tengani kavidiyo kamodzi komwe munajambula pafupi ndi kusayina kuja, muyendetse ili mutasintha dzina la fayilo likhale la kavidiyo kanu, muponye pano zonse zomwe lilembe:

```
exiftool -time:all -a -G1 -s DSC_0415.MP4
```

Wojambula wa ku Chamama:
Laputopu yatsala ndi 6 peresenti ndipo magetsi kuno sanabwere. Ndikatchaja m'mawa ku sitolo ndiponya. Fulashi ya eni ukwati ndakopera kale, mkwati akudzaitenga mawa popita ku Boma.